Momwe Mungawerengere Enikoda Yozungulira Popanda Kutaya Mapalusi

Mwalumikiza enikoda, kachipangizo kotumiza mapalusi a magetsi shafiti ikamazungulira, mwalemba pulogalamu, ndipo mukazungulitsa shafiti pang'onopang'ono manambala akuyenda bwinobwino. Koma mukaizungulitsa mwachangu n'kuibweza pomwe munayambira, m'malo mwa 0 mukuona 37. Mukabwerezanso mukuona -112. Vutoli limagwetsa ulesi anthu ambiri, ndipo kawirikawiri enikodayo imakhala ilibe mlandu. Mapalusi amatayika m'malo atatu: pa mawaya, m'kawerengedwe ka pulogalamu, ndi pa nthawi imene bolodi yatanganidwa ndi zina.

Pano tigwiritsa ntchito Arduino Uno ndi enikoda yoona ndi kuwala ya mapalusi 600 pa kuzungulira kumodzi. Tiyimangirira pa gudumu loyezera kutalika kwa chingwe, gudumu loti likazungulira kamodzi chingwe chayenda mamilimita 200. Cholinga ndi chakuti nambala ikhale yoona, komanso kuti pulogalamu izitiuza yokha ikataya kanthu.

## Zofunika kukhala nazo

- Arduino Uno ndi chingwe chake cha kukompyuta
- Enikoda ya mapalusi 600 yotulutsa mawaya awiri a zizindikiro, A ndi B
- Marezisita awiri a 2.2k
- Kapasita ya 100nF
- Mita yoyezera magetsi
- Chingwe chachifupi, makamaka chokhala ndi chishango chawaya mkati
- Tepi kapena cholembera choikira chizindikiro pa gudumu

Osilosikopu ngati ilipo ithandiza kwambiri, koma ntchito itheka popanda iyo.

## Sitepe 1: Dziwani zomwe A ndi B akunena

Waya A ndi waya B onse amayaka ndi kuzima shafiti ikamazungulira, koma sayakira limodzi. Mmodzi amatsogola, mnzake n'kutsatira patapita gawo limodzi mwa magawo anayi a palusi. Zili ngati miyendo ya munthu woyenda: umasuntha umodzi kaye, kenako unzake, ndipo ukaona womwe watsogola umadziwa komwe akulowera.

Tikalemba B kumanzere, A kumanja, 1 kutanthauza kuti wayaka ndi 0 kuti wazima, shafiti yopita kutsogolo imadutsa motere:

```
BA:  00 -> 01 -> 11 -> 10 -> 00
      0     1     3     2     0
```

Ikamabwerera, mndandanda womwewu umawerengedwa chafutambuyo. Yang'anitsitsani bwino: pa sitepe iliyonse waya mmodzi yekha ndi amene amasintha. Palibe njira yoona yochokera pa 00 kufika pa 11 mwakamodzi, kapena pa 01 kufika pa 10. Pulogalamu ikaona kudumpha kotere, ndiye kuti pakati pali kusintha komwe kwaidutsa osakuona. Mfundo imeneyi ndi imene tiimirepo mpaka kumapeto.

Popeza palusi iliyonse ili ndi zosintha 4, enikoda yathu imapereka masitepe 600 × 4 = 2400 pa kuzungulira kumodzi. Pa gudumu la mamilimita 200, milimita imodzi ndi masitepe 12.

Chenjerani: nambala yolembedwa pa enikoda ndi ya mapalusi, osati ya masitepe. Mukagawa ndi 600 m'malo mwa 2400, muyeso wanu udzakula kanayi.

## Sitepe 2: Werengerani liwiro musanagwire waya

Ambiri amalumpha sitepe iyi, chonsecho ndi yomwe imanena ngati bolodi yanu ikwanitsa ntchitoyo kapena ayi.

Tinene kuti chingwe chikuyenda mtunda wa mita imodzi pa sekondi. Gudumu lizungulira kasanu pa sekondi, kutanthauza maulendo 300 pa mphindi. Masitepe akhala 5 × 2400 = 12,000 pa sekondi, ndipo pakati pa sitepe ndi inzake pali mamaikulosekondi pafupifupi 83. Uno imathamanga pa 16 MHz, choncho m'nthawi imeneyi wotchi yake imagunda kopitirira 1300. Malo alipo okwanira.

Tsopano enikoda yomweyo muyiike pa shafiti ya mota yozungulira maulendo 1500 pa mphindi. Masitepe afika 60,000 pa sekondi, mpata n'kutsala mamaikulosekondi 17 osakwana. Apa Uno yafika m'mphepete, chifukwa kulowa ndi kutuluka kokha mu intarapti, pomwe purosesa imasiya kaye zomwe ikuchita kuti ithane ndi kusintha kwa pa pini, kumadya mamaikulosekondi angapo, ndiponso A ndi B satalikirana ndendende monga pa pepala, zosintha zina zimabwera mothinana kuposa pamenepa. Ine Uno sindiyidalira masitepe akapitirira 30,000 pa sekondi. Ngati masamu anu akupitirira apo, pitani msanga ku Sitepe 7.

Chenjerani: werengerani liwiro lapamwamba kwambiri lomwe lingachitike, osati la masiku onse. Munthu akakoka chingwe mwadzidzidzi, gudumu limathamanga kwa kanthawi kochepa kuposa momwe mumaganizira, ndipo mapalusi amatayika pa kanthawi komweko.

## Sitepe 3: Lumikizani mawaya

Enikoda zambiri za mtundu uwu zili ndi mawaya anayi: wofiira wa magetsi, wakuda wa GND, wobiriwira ndi woyera a A ndi B. Komabe werengani zomwe zalembedwa pa enikoda yanuyo, chifukwa mitundu ya mawaya imasiyana.

1. Waya wakuda upite ku GND ya Arduino.
2. Waya wofiira upite ku 5V, ndipo kapasita ya 100nF muyiike pakati pa wofiira ndi wakuda, pafupi ndi enikoda momwe mungathere.
3. A apite ku pini 2, B ku pini 3. Pa Uno mapini awiriwa ndi amene `attachInterrupt()` imagwira nawo ntchito.
4. Rezisita imodzi ya 2.2k ichoke pa pini 2 kupita ku 5V, inayo ichoke pa pini 3 kupita ku 5V.
5. Chishango cha chingwe chilumikizidwe ku GND mbali ya Arduino yokha.

Marezisita awiriwa tiwafotokoze bwino, chifukwa mapalusi ambiri amafera pamenepa. Enikoda yolembedwa `NPN open collector` siitha kukweza waya kufika pa 5V. Imangotha kumukokera pansi, kenako n'kumusiya. Womukweza ndi rezisita. Arduino ili nawo marezisita ake amkati omwe amayatsidwa ndi `INPUT_PULLUP`, koma ndi ofooka, apakati pa 20k ndi 50k. Chingwe chilichonse chimasunga magetsi pang'ono ngati kapasita, pafupifupi 100pF pa mita. Chingwe cha mamita 2 pa rezisita ya 35k chimapereka 35k × 200pF, omwe ndi mamaikulosekondi 7. Chizindikiro chimakwera mwaulesi, chimachedwa pakatikati pomwe sichili 0 sichili 1, ndipo kaphokoso kochepa ka mota kamakwanira kuti pini ione zosintha zabodza. Ndi 2.2k nthawi ija imatsika kufika pansi pa theka la maikulosekondi.

Musanalembe pulogalamu, ikani mita pa pini 2 ndipo muzungulitse gudumu pang'ono kwambiri. Muyenera kuona magetsi akudumpha pakati pa pafupifupi 0 ndi pafupifupi 5. Chitaninso chimodzimodzi pa pini 3.

Chenjerani: enikoda zina zolembedwa `5-24V` zimavutika magetsi a kukompyuta akatsika pang'ono pansi pa 5. Mutha kuzipatsa 12V yapadera, bola GND ikhale yolumikizana ndi ya Arduino. Koma mukatero, yezani kaye A ndi B ndi mita asanafike pa bolodi. Mukaona magetsi opitirira 5 pa mawayawo, musalumikize, apo ayi mapini apsa.

## Sitepe 4: Werengani ndi tebulo, osati pongoyang'ana waya mmodzi

Njira yomwe ambiri amayamba nayo ndi yakuti A akayaka, ayang'ane B, n'kuwonjezera kapena kuchotsa. Imaoneka yabwino mpaka gudumu litaima pomwe A amasinthira n'kumanjenjemera. A amayaka, kuzima, kuyakanso, B osasintha, ndipo pulogalamu imangowonjezera gudumu lili chiimire. Imawerenga kupita kokha, kubwerera osakuona.

Njira yodalirika ndi kukumbukira pomwe tinali, kuwerenga pomwe tili, n'kufunsa tebulo kuti kusinthako ndi kotani.

```cpp
const int8_t TEBULO[16] = {
   0,  1, -1,  2,
  -1,  0,  2,  1,
   1,  2,  0, -1,
   2, -1,  1,  0
};

volatile long malo = 0;
volatile unsigned int zolakwika = 0;
volatile uint8_t kale;

void werenga() {
  uint8_t tsopano = (PIND >> 2) & 3;
  int8_t s = TEBULO[(kale << 2) | tsopano];
  if (s == 2) zolakwika++;
  else malo += s;
  kale = tsopano;
}
```

Mzere uliwonse wa tebulo ukuimira pomwe tinali, kuyambira 0 mpaka 3, ndipo danga lililonse mu mzerewo likuimira pomwe tafika. Tengani chitsanzo: tinali pa 1, tafika pa 3. Mzere wachiwiri, danga lachinayi, muli 1, ndiye tapita kutsogolo sitepe imodzi. Tinali pa 1, tafika pa 0: muli -1, tabwerera. Tinali pa 1, tafika pa 2: muli 2, nambala yomwe taisankha kuti iziimira kudumpha kosatheka kuja. Pamenepo sitikhudza `malo`, chifukwa sitikudziwa ngati tadumpha chakutsogolo kapena chakumbuyo. Timangowonjezera `zolakwika`.

Gudumu lonjenjemera lija tsopano silivutanso. A akayaka tiwonjezera 1, akazima tichotsa 1, ndipo nambala imangosewera pakati pa manambala awiri oyandikana.

Mzere wa `PIND` ukuwerenga mapini onse awiri nthawi imodzi. Izi n'zachangu kuposa kuitana `digitalRead()` kawiri, komanso zimachotsa vuto lina: pakati pa kuwerenga A ndi kuwerenga B, gudumu likhoza kusuntha, n'kupeza kuti mwaphatikiza A wakale ndi B watsopano. Dziwani kuti mzerewu ndi wa Uno, Nano ndi mabolodi ena a ATmega328P. Pa bolodi ya mtundu wina muyenera kuusintha.

Kenako yambitsani motere:

```cpp
void setup() {
  Serial.begin(115200);
  pinMode(2, INPUT);
  pinMode(3, INPUT);
  kale = (PIND >> 2) & 3;
  attachInterrupt(digitalPinToInterrupt(2), werenga, CHANGE);
  attachInterrupt(digitalPinToInterrupt(3), werenga, CHANGE);
}
```

Chenjerani: musaiwale kuwerenga `kale` intarapti isanayatsidwe. Mukamusiya pa 0 pomwe enikoda yaima pa 3, sitepe yoyambirira yeniyeni idzawerengedwa molakwika. Ndipo mkati mwa `werenga()` musaikemo `Serial.print()`, `delay()` kapena kugawa manambala. Ntchito yake ndi kuwerenga n'kutuluka basi.

## Sitepe 5: Tengani nambala mosamala

`malo` ndi `long`, nambala ya mabaiti 4, pomwe Uno imanyamula baiti imodzi pa nthawi. Tiyerekeze kuti `malo` ali pa 255, ndipo `loop()` yangotenga baiti yoyamba. Intarapti ikulowa, nambala ikukhala 256. `loop()` ikupitiriza kutenga mabaiti otsala, n'kuphatikiza theka lakale ndi theka latsopano, ndipo mukuona 511. Nambala yeniyeni sinawonongeke, koma yomwe mwatengayo ndi yabodza, ndipo ngati makina anu amadula chingwe potengera nambalayi, adula malo olakwika.

Choncho tsekani intarapti kwa kanthawi kochepetsetsa, koperani, n'kutsegulanso:

```cpp
void loop() {
  static unsigned long nthawi = 0;
  if (millis() - nthawi < 200) return;
  nthawi = millis();

  noInterrupts();
  long m = malo;
  unsigned int z = zolakwika;
  interrupts();

  Serial.print(m);
  Serial.print('\t');
  Serial.print(m / 12.0);
  Serial.print('\t');
  Serial.println(z);
}
```

Kutseka kwakufupi chonchi sikutaya kanthu. Kusintha kukabwera intarapti ili yotseka, purosesa imasunga chikumbutso, ndipo imachita ntchitoyo ikangotsegulidwa. Koma pini iliyonse imasungiridwa chikumbutso chimodzi chokha. Zosintha zikachuluka chitseko chikadali chotseka, zinazo zapita. N'chifukwa chake masamu ndi kusindikiza zonse zili kunja, pambuyo pa `interrupts()`.

Chenjerani: musasinthe `long` kukhala `int`. Pa Uno `int` imathera pa 32767, ndipo gudumu lathu lifika pamenepo lisanazungulire maulendo 14, chingwe chisanakwane n'komwe mamita 3. Nambala imatembenuka mwadzidzidzi kukhala yochotsera.

## Sitepe 6: Yesani ngati mukufuna kuigwira ikulakwa

Matani katepi pa gudumu ndi kena pa chimango, ziyang'anizane. Yatsani bolodi, nambala ikhale 0.

Zungulitsani pang'onopang'ono maulendo 10 kutsogolo. Muyenera kuona pafupifupi 24,000 ndi mamilimita 2000. Kusiyana kwa masitepe ochepa n'kwa diso ndi dzanja lanu, popeza masitepe 12 ndi milimita imodzi yokha. Bwererani maulendo 10, nambala ifike pafupi ndi 0. Nambala ikamatsika pomwe mumafuna izikwera, sinthanitsani mawaya A ndi B.

Tsopano chitani nkhanza. Zungulitsani mwamphamvu, imitsani mwadzidzidzi, bwezani, gwedezani, ndipo ngati pali mota pafupi muyiyatse ndi kuizimitsa kangapo. Mukatha bwezani tepi pamalo pake n'kuyang'ana manambala awiri mwa atatu omwe pulogalamu ikusindikiza: woyamba, `malo`, ndi womaliza, `zolakwika`.

Ngati `malo` wabwerera ndipo `zolakwika` ali pa 0, ntchito yatheka.

Ngati `zolakwika` akukwera pokhapokha mukathamangitsa gudumu, bolodi ikuchedwa. Mwina liwiro laposa mphamvu zake, kapena pali china chomwe chikutseka intarapti nthawi yaitali.

Ngati `zolakwika` akukwera gudumu lili chiimire, makamaka mota ikamayaka, limenelo ndi phokoso la magetsi. Talikitsani chingwe cha enikoda ndi mawaya a mota, chifupikitseni, onaninso GND ndi chishango.

Ngati `zolakwika` ali pa 0 koma muyeso wa chingwe ukuchepa, yang'anani kuti tepi yaikidwa pati. Tepi ya pa gudumu ikabwerera pamalo pake nambala osabwerera, ndiye kuti gudumu likuterereka pa shafiti, mangani kabawuti kake. Nambala ikabwerera bwino koma chingwe choyezedwa n'kutalika kuposa chomwe pulogalamu ikunena, chingwe ndi chomwe chikuterereka pa gudumu, ndipo palibe pulogalamu ingakonze zimenezo.

Pali malire amodzi oyenera kuwadziwa. Tebulo limagwira kudumpha kwa masitepe awiri. Masitepe atatu akadutsa mwakamodzi, limaona ngati mwabwerera sitepe imodzi, ndipo anayi akadutsa limaona ngati simunasunthe. Choncho `zolakwika` akasonyeza 5, musaganize kuti mwataya masitepe 10 okha. Nambala iliyonse yoposa 0 ikutanthauza kuti muyesowo musaukhulupirire. Pa makina enieni ndi bwino pulogalamu iimitse ntchito kapena iyatse nyali yochenjeza zikatere.

## Sitepe 7: Liwiro likachuluka, ntchitoyi ipatseni chipangizo chake

Mabolodi ena ali ndi gawo lamkati lowerenga A ndi B lokha, purosesa osakhudzidwa. Pa STM32 mataima ena amatha kuikidwa kuti aziwerenga enikoda. Pa ESP32 pali gawo lotchedwa PCNT. Ngati mukufuna kukhalabe pa Uno, chipu ya LS7366R imawerenga mpaka mabiti 32, inu n'kumangoifunsa nambala kudzera pa SPI.

Chosamala apa n'chakuti zowerengera zambiri zamkati ndi za mabiti 16, zimadzaza msanga. Ziwerengeni pafupipafupi, zisanayende theka la kukula kwake, ndipo muziwonjezera kusiyana kwa nambala yatsopano ndi yakale mu `long` yanu. Kumbukiraninso kuti mabolodi a STM32 ndi ESP32 ndi a 3.3V, ndiye marezisita aja apite ku 3.3V, osati ku 5V.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kuwerenga mapini mkati mwa `loop()`. Zimayenda mpaka mutawonjezera chinthu china. Pa liwiro la `Serial` la 9600, chilembo chimodzi chimatenga pafupifupi milisekondi imodzi kuti chituluke, ndipo malo osungira zilembo akadzaza, `Serial.print()` imadikira. Milisekondi iliyonse yodikira ndi masitepe 12 a gudumu lathu.

Malaibulale otseka intarapti mwakachetechete. Ili ndi vuto lovuta kulizindikira, chifukwa pulogalamu yanu ya enikoda imakhala yolondola. Nyali za WS2812 zimafuna mamaikulosekondi 30 iliyonse, ndipo pa Uno intarapti imakhala yotseka nthawi yonse yotumiza. Nyali 30 ndi mamaikulosekondi 900, masitepe pafupifupi 11 otayika nthawi iliyonse mukasintha kuwala. `SoftwareSerial` nayo imatseka intarapti pa baiti iliyonse yomwe ikutumiza kapena kulandira. Pofuna kupeza wolakwa, chotsani malaibulale onse, yesani, kenako muziwabwezera imodziimodzi mukuyang'ana `zolakwika`. Ngati simungachite popanda iwo, Sitepe 7 ndiyo yankho.

Kuika kapasita yaikulu pa A ndi B. Pa kaenikoda kopotokola ndi zala, konga ka KY-040, rezisita ya 10k ndi kapasita ya 10nF zimathandiza kufewetsa kunjanja kwa tizitsulo tamkati. Koma ziwirizi zimachedwetsa chizindikiro ndi mamaikulosekondi pafupifupi 100, pomwe masitepe a gudumu lathu atalikirana ndi 83 okha. Pa enikoda yoona ndi kuwala mulibe tizitsulo tonjanja. Ngati phokoso likukakamizani kuika kapasita, yambani ndi 1nF.

Kuthana ndi kunjanja podikira nthawi. Kulamula kuti pulogalamu isamve kanthu kwa mamilisekondi 5 pambuyo pa kusintha kulikonse n'koyenera pa batani, koma pa enikoda kumataya masitepe enieni. Tebulo limathana kale ndi kunjanja kwa waya mmodzi, chifukwa kuwonjezera ndi kuchotsa kumafafanizana. Pa tienikoda tambiri ta zala, kugunda kumodzi komwe mumamva popotokola ndi masitepe 4, ndiye gawani `malo` ndi 4 mu `loop()`.

Kuiwala `volatile`. Popanda liwuli, kompaila ikhoza kuganiza kuti nambala siikusintha, ndipo pulogalamu yodikira kuti `malo` afike penapake imangodikira mpaka kalekale.

Kuyembekeza kuti enikoda ikumbukira pomwe inali. Magetsi akazima, nambala yapita, ndipo akayaka imayambira pa 0 paliponse pomwe shafiti yaima. Pa gudumu loyezera chingwe izi sizivuta, batani lobwezera ku 0 likwanira, bola polemba `malo = 0` mutseke intarapti monga tinachitira pa Sitepe 5. Koma pa makina oti malo enieni ndi ofunika, ikani switchi kumapeto kwa njira, kapena mugwiritse ntchito waya Z ngati enikoda yanu ili naye, amene amapereka palusi imodzi pa kuzungulira kulikonse. Makina akayaka ayambe apita pang'onopang'ono kukafika pa switchiyo, nthawi zonse kuchokera mbali imodzimodzi, ndipo kuwerenga kuyambire pamenepo.